Kulipira antchito ambiri nthawi imodzi pa foni: fayilo imadziwa nambala, sidziwa munthu

"Ndimasunga mabuku a ndalama pa kampani yomanga nyumba ku Kanengo. Tili ndi antchito 64, ndipo ambiri alibe akaunti ku banki. Mwezi uliwonse timakatapa ndalama n'kumalongedza m'maenivelopu. Abwana atopa nazo, akuopanso akuba, ndiye akuti tiyambe kulipira pa Airtel Money ndi Mpamba ndi fayilo imodzi. Zimayenda bwanji, nanga ndisamale pati?"

Mayi, kutumiza kwenikweniko sikuvuta. Mumalemba nambala za foni ndi ndalama za munthu aliyense m'fayilo, mumaikweza pa tsamba la kampani ya foni, munthu wachiwiri amavomereza, ndipo posakhalitsa mafoni amayamba kulira pasayiti. Ntchito yaikulu ili pa zimene mumachita musanakweze fayiloyo, komanso pa zimene mumachita ena akapanda kulandira. Polipira ndi enivelopu munkaona nkhope ya munthu, iye n'kusayina pamaso panu. Makina saona nkhope. Nambala ikakhala yamoyo ndipo ili ndi akaunti, ndalama zimapita basi, kaya mwini wake ndi mmisiri wanu kaya ndi mlendo wa ku Karonga.

Poyambira ndi akaunti. Simungachite izi pa nambala yanu kapena ya abwana, ija mumaimba *211# kapena *444#. Kampani imatsegulitsa akaunti ya bizinesi yolipirira anthu ambiri, ku Airtel Money payokha, ku TNM Mpamba payokhanso. Nthawi zambiri amafuna chiphaso cha kalembera wa kampani, nambala ya TPIN ya ku MRA, ziphaso za unzika za eni kampani, ndi kalata yotchula anthu amene azigwiritsa ntchito akauntiyo. Palinso njira yodzera ku banki: mabanki ena amalola kasitomala wa bizinesi kukweza fayilo imodzi pa intaneti, ndalama n'kuchoka mu akaunti ya kubanki kupita ku mafoni a netiweki zonse ziwiri. Funsani banki yanu ngati ili nazo, muyerekeze mitengo. Pano ndifotokoza ngati mwadzera ku makampani a foni eniakewo, ndipo tigawa antchito pawiri, fayilo ya Airtel ndi fayilo ya TNM. Zambiri zimene ndinene zimagwiranso ntchito mukadzera ku banki.

Akauntiyo siikhala ndi ndalama yokha. Mumayamba mwasamutsa ndalama kuchokera ku banki yanu kupita ku akaunti imene kampani ya foni yakupatsani, kenako iwo amazionetsa mu akaunti yanu yolipirira. Izi sizichitika nthawi yomweyo masiku onse. Ngati malipiro ndi a Lachisanu, samutsani Lachitatu kapena Lachinayi m'mawa. Mukadikira Lachisanu masana, mukhoza kupezeka fayilo yakonzeka, anthu adikira pageti, koma akaunti ilibe kanthu mpaka Lolemba.

Tsopano tiike manambala, poti inu ndi munthu wa mabuku. Tiyerekeze kuti mwa anthu 64 aja, 48 ndi othandiza amisiri ndipo aliyense amatenga K140,000, amisiri omanga alipo 12 a K210,000 aliyense, ndipo akapitawo ndi 4 a K320,000. Zonse pamodzi ndi K10,520,000. Izi ndi ndalama zopita m'thumba, mutachotsa kale zochotsa. Fayilo siwerengera msonkho kapena penshoni. PAYE mumawerengera nokha monga kale n'kukapereka ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, ndipo penshoni ikadali 5 peresenti ya wantchito ndi 10 peresenti ya olemba ntchito. Kapepala kosonyeza mmene malipiro awerengedwera muziperekabe. Meseji ya pafoni imangonena kuti munthu walandira zingati, sinena kuti mwamudula chiyani.

Mukawagawa malinga ndi nambala zawo, za 099 ndi 098 ndi za Airtel, za 088 ndi 089 ndi za TNM. Tinene kuti 41 ali pa Airtel ndipo ndalama zawo zikukwana K6,660,000, pomwe 23 ali pa TNM ndi K3,860,000. Lembani manambala anayi amenewa papepala musanachite china chilichonse: 41 ndi K6,660,000, 23 ndi K3,860,000. Muziwayang'ananso pa sitepe iliyonse mpaka kumapeto. Pamwamba pake onjezani ndalama imene kampani ya foni imadula potumiza. Mtengo weniweni uli mu mgwirizano umene mudzasayine, koma tingoyerekeza kuti ndi K300 pa munthu: ku Airtel muyenera kuikako K12,300 yapamwamba. Mukaika K6,660,000 ndendende, makina ena amakana fayilo yonse, ena amalipira mpaka pamene ndalama zathera, anthu a m'mizere yomaliza n'kutsala.

Fayilo yeniyeniyo ndi yosavuta kuiona. Kampani ya foni imakupatsani chitsanzo chake, kawirikawiri cha CSV kapena cha Excel, ndipo musasinthe mitu yake kapena kusuntha makolamu. Mayina a mitu amasiyana malinga ndi kampani, koma mkati mwake mumaoneka chonchi. Nambala izi ndangopeka:

```
reference,msisdn,amount
W001-2025-08,0990000001,140000
W002-2025-08,0990000002,210000
W003-2025-08,0980000003,320000
```

Mawu akuti `msisdn` amangotanthauza nambala ya foni. Kolamu ya `reference` ambiri amaisiya yopanda kanthu kapena amalemba mawu amodzimodzi mizere yonse. Inu muziikamo nambala ya wantchito ndi mwezi, monga ndachitira pamwambapa. Tifika pamene imakupulumutsani.

Apa ndi pamene ndikufuna mukhazikike, chifukwa fayilo zambiri zimaonongekera mu Excel, mwiniwake osadziwa. Excel ikaona 0990000001 imati iyi ndi nambala yowerengera, ndiye imachotsa ziro woyambayo n'kusiya 990000001. Ngati tsamba lanu limafuna manambala 10 oyamba ndi ziro, mizere yonse idzakanidwa. Kumeneko ndi kulephera kwabwino, chifukwa mumaona nthawi yomweyo. Koipa ndi kwa fayilo imene imafuna nambala yoyamba ndi 265. Nambala ngati 265990000001 ili ndi manambala 12, ndipo Excel ikafika pa 12 imayamba kuifupikitsa, n'kuonetsa `2.6599E+11`. Mukasunga fayiloyo ngati CSV ili choncho, imasunga zofupikitsazo. Manambala akumapeto amatayika, ndipo mukadzatsegulanso mupeza kuti kumapeto kwadzaza maziro. Palibe batani lowabwezeretsa. Muyenera kubwerera ku kaundula wanu.

Mankhwala ake ndi awa. Musanalembe nambala ngakhale imodzi, sankhani kolamu yonse ya mafoni n'kuiika pa `Text` kudzera pa `Format Cells`. Ndalama muzilemba manambala okhaokha, 140000, popanda K komanso popanda mpatuliro pakati, chifukwa mu CSV chizindikiro cha `,` ndi chimene chimalekanitsa makolamu. Ndipo mukasunga CSV, musaitsegulenso podina kawiri, chifukwa idzatseguka mu Excel, ziro uja n'kuchokanso, inu n'kusunga mosazindikira. Mukafuna kuona zimene zilimo, itseguleni ndi Notepad. Zimene mukuona mu Notepad ndi zimene makina a kampani ya foni adzaone.

Musanasunge, pali mafunso anayi amene Excel ingakuyankheni pa mphindi zochepa. Ngati nambala zoyamba ndi ziro zili mu kolamu B ndipo ndalama mu C:

```
=LEN(B2)
=LEFT(B2,3)
=COUNTIF(B:B,B2)
=SUM(C2:C42)
```

Yoyamba ikuuzani kutalika kwa nambala. Iyenera kukhala 10 mizere yonse, ndipo 9 kapena 11 ndi chizindikiro choti chala chinaterereka kapena pali mpata wosaoneka kumapeto. Yachiwiri ikuonetsani ngati nambala ya 088 yasochera m'fayilo ya Airtel. Yomaliza iyenera kukupatsani 6660000. Yachitatuyo ndi imene imavumbula nkhani: ikaonetsa 2, ndiye kuti anthu awiri ali ndi nambala imodzi. Mwina mwakopera mzere kawiri. Mwina ndi pachibale, ndipo wina alibe foni. Mwinanso wina walembetsa wantchito wongopeka, malipiro ake n'kumagwera m'foni mwake. Zonse zitatu zimachitika, ndipo musatumize musanadziwe kuti ndi iti. Mukamaliza, fufutani makolamu oyeserawo, m'fayilo yokweza mutsale za m'chitsanzo zokha.

Koma mayeso onsewa sagwira vuto lalikulu kuposa onse, nambala yolembedwa bwinobwino koma ya munthu wina. Kapitawo akatolera nambala pakamwa, pasayiti pali phokoso la makina osakanizira simenti, 6 amasanduka 8 mosavuta. Wina amapereka nambala imene anasiya kalekale, osadziwa kuti nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito kampani imaipereka kwa munthu wina. Lipoti lidzalemba `Success`, ndalama zapitadi, koma wantchito wanu wa ku Mgona sanalandire kanthu. Mukadziwa msanga n'kudziwitsa kampani ya foni, nthawi zina amatha kuzigwira zisanatapidwe. Wolandirayo akathamangira kwa ejenti n'kutapa, kuzibweza ndi nkhani yaitali, ndipo wantchito wanu muyenera kumulipirabe. Kampani imataya kawiri.

Nchifukwa chake ndimati mwezi woyamba musathamangire fayilo. Tengani tsiku limodzi, khalani patebulo pasayiti, aliyense abwere ndi foni yake ndi chiphaso cha unzika. Alembe yekha nambala yake pafomu n'kusayina. Inu muiimbe pomwepo, muone foni ikulira m'manja mwake. Kenako onani dzina limene akauntiyo inalembetsedwa. Masamba ena amaonetsa dzina la mwini nambala mukakweza fayilo musanavomereze, ndipo ngati lanu limatero, werengani mayina onse 41, osadumpha. Ngati silitero, yambani ndi fayilo yoyesera ya K500 munthu aliyense, masiku angapo malipiro asanafike. Kwa anthu 64 ndi K32,000, osawerengera zodula, ndipo ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi malipiro a munthu mmodzi atasochera. Aliyense akuonetseni meseji yake. Amene sanalandire mumamudziwa pamene palibe wapsa mtima.

Patsiku limeneli mudzapeza kuti ena simu yawo inalembetsedwa m'dzina la akazi awo, la mchimwene wawo, kapena la munthu amene anawagulira. Musangokana, komanso musangovomera. Chabwino koposa ndi choti munthuyo akalembetse nambala m'dzina lake ndi chiphaso chake. Ngati sizingatheke mwezi umenewo, alembe kalata yoti malipiro ake azipita ku nambala yakutiyakuti ya uje, asayine pali mboni. Mabanja amayambana, Mayi, ndipo tsiku lina munthu adzabwera ku ofesi kunena kuti miyezi itatu sanalandire. Kalata ija ndiyo idzakuyankhireni. Muikenso lamulo loti nambala siisinthidwa pa meseji kapena pa WhatsApp. Wofuna kusintha abwere yekha, adzaze fomu, ndipo zisinthidwe lisanafike tsiku limene mwaika, mwachitsanzo pa 20.

Fayilo ikakwezedwa, ndalama sizichoka mpaka wina avomereze. Makina amenewa amapangidwa kuti wokweza akhale wina, wovomereza akhale wina, aliyense ndi pasiwedi yake, ndipo nthawi zambiri wovomereza amalandira nambala yachinsinsi pafoni yake. Makampani ang'onoang'ono ambiri amaononga dongosololi: abwana ali pa msonkhano, ndiye amangouza wa mabuku pasiwedi yawo kuti amalize yekha. Inuyo kanani, ngakhale amakukhulupirirani. Ndalama ikadzasowa, makina adzaonetsa kuti zonse zinachitikira pa kompyuta yanu, ndipo sipadzakhala wokuikirani umboni. Abwana safunika kuwerenga mzere uliwonse mwezi ndi mwezi. Ayang'ane kuti anthu ndi 41 ndipo ndalama ndi K6,660,000 monga zilili papepala la malipiro limene anasayina, kenako muwapatse mndandanda waufupi wa zimene zasintha kuchokera mwezi watha: olowa kumene, ochoka, ndi osintha nambala. Chinyengo ndi zolakwika zambiri zimabisala pa mizere yochepa imeneyo.

Tsopano tinene kuti avomereza, ndipo patapita kanthawi mwatsitsa lipoti la fayilo ya Airtel. Mizere 37 yalembedwa `Success`, itatu `Failed`, umodzi `Pending`. Foni yanu yayamba kale kulira. Anthu anayi sanalandire, anzawo onse alandira, ndipo kapitawo mmodzi ali m'gulu la osalandirawo. Apa ndi pamene anthu amalakwitsa kwambiri: amakonza nambala zolakwikazo m'fayilo yomwe ija n'kuikwezanso yonse. Makina ena amazindikira kuti fayiloyo anaiona kale n'kuikana, koma musadalire zimenezo, makamaka mukasintha dzina la fayilo kapena mzere umodzi. Anthu 37 aja alandira K5,850,000. Ngati mu akaunti muli ndalama zina, mwina za ntchito ina, zimayamba kuwapitanso kachiwiri mpaka zitathe. Kuitanitsa ndalama kwa munthu amene walipira kale lendi ku Mtandire ndi kugula thumba la chimanga si ntchito ya tsiku limodzi.

Choyenera ndi kuwerenga chifukwa chimene chalembedwa pa mzere uliwonse wolephera. Tinene kuti woyamba, wa K140,000, nambala yake ilipo koma ilibe akaunti ya Airtel Money yogwira ntchito, kapena inatsekedwa. Ameneyo apite ku shopu ya kampani ya foni ndi chiphaso chake, inu simungamukonzere. Wachiwiri, wa K140,000 nayenso, ndi wolowa kumene amene munamuonjezera mochedwa mayeso aja atatha, ndipo nambala yake yaperewera. Mufunseni mwini wake, osati kungoganizira nambala yosowayo. Wachitatu ndi kapitawo wa K320,000. Akaunti ya pafoni ili ndi malire a ndalama zimene ingasunge, ndipo iye amasungiramo za bizinesi ya akazi ake, ndiye malipiro akanapyola malirewo. Atape kapena asamutse zina, kenako mumutumizire. Mukakonza, pangani fayilo yatsopano ya mizere itatu yokha, ya K600,000, ndipo idutsenso kwa wovomereza monga inayo.

Wa `Pending` uja, mmisiri wa K210,000, musamuike m'fayilo yatsopanoyo. Mawu amenewo akutanthauza kuti makina sanamalize, ndipo ndalama zikhoza kumufika pakapita ola limodzi kapena kubwerera kwa inu. Njira yodziwira ndi kuwerengera zotsala mu akaunti. Munaikamo K6,672,300. Ngati zodula zimachotsedwa pa mzere uliwonse umene wadutsa, anthu 37 atenga K5,850,000 ndi K11,100 ya zodula, ndiye payenera kutsala K811,200. Mukaona K811,200, ndalama za mmisiriyo zikadali kwa inu. Mukaona K600,900, ndiye kuti K210,300 yake yachoka kapena yagwiridwa, ili m'njira. Pa zonse ziwiri, imbirani amene amakuthandizani ku kampani ya foni, muwapatse `reference` ya mzere umenewo, W002-2025-08 mwachitsanzo, ndipo mudikire mzerewo usinthe kukhala `Success` kapena `Failed`. Pamenepa ndi pamene mumaona phindu la kulemba nambala ya wantchito ndi mwezi. Mukanalemba mawu amodzimodzi mizere yonse, bwenzi mukufufuza K210,000 imodzi pakati pa amisiri 8 olandira ndalama zofanana.

Lipoti lomaliza lisungeni pamodzi ndi pepala la malipiro, chifukwa lili ndi nambala ya chiphaso cha kutumiza kulikonse, ndipo ndi limene lalowa m'malo mwa buku losayinira lija. Munthu akati sanalandire pomwe lipoti likuti zinadutsa ku nambala yake yolondola, musadalire meseji, poti meseji imachedwa kapena kufufutika. Aone yekha ndalama zotsala pa *211# kapena *444#. Nthawi zina mudzapeza kuti zinalowadi koma gawo lina ladulidwa pomwepo kubweza ngongole imene anatenga pafoni. Imeneyo si nkhani ya kampani yanu, koma ndi bwino kuwachenjeza onse mwezi woyamba usanafike.

Chinthu china choti mukambirane ndi abwana musanayambe ndi ndalama yotapira. Kale munthu wa K140,000 ankapita kwawo ndi K140,000 yathunthu. Tsopano akapita kwa ejenti amadulidwa, ndipo kwa iye zimaoneka ngati malipiro atsika. Ine ndimalangiza kuti kampani ionjezere mtengo wa kutapa kamodzi pa malipiro a aliyense. Kampani yapulumutsa ulendo wa kubanki, maenivelopu ndi chiopsezo cha akuba, ndiye si chilungamo kuti mtengo wa kusinthaku ugwere wolandira zochepa. Onani tebulo la mitengo limene lili pa maejenti mwezi umenewo, muone gawo limene K140,000, K210,000 ndi K320,000 zikugwera, muonjezere mu kolamu ya ndalama ndi papepala la malipiro lomwe, kuti manambala anayi aja agwirizanebe.

Ganiziraninso nthawi yotumizira. Anthu 64 akalandira 5 koloko madzulo pa 30, onse amathamangira kwa maejenti omwewo a pafupi ndi sayiti, ndipo ejenti wapakona sakhala ndi ndalama zokwana K10,520,000 m'kabati. Oyamba atatu kapena anayi amatapa, otsalawo amauzidwa kuti fuloti yatha, n'kuyamba kuyendayenda ndi mdima mpaka ku Nsungwi kapena ku Kauma, ena n'kumatapa pang'onopang'ono kwa maejenti angapo, kulikonse akudulidwa. Tumizani m'mawa, pakati pa sabata ngati n'kotheka. Mukatero antchito amakhala ndi tsiku lonse lopezera ejenti, ndipo inu mumakhala ndi maola okonzera mizere yolephera maofesi a kampani ya foni asanatseke.